Tanki ya kompuresa yang'ambika msoko wautali, wozungulira uli gwa, vuto n'chani?

Amidu wa kwa M'baluku: Akuluakulu ndithandizeni mutu wandiima. Kasitomala wa matayala pa boma pano anandiuza ndimupangire tanki ya kompuresa. Puleti ya 3 mm, ndakapinditsa pa rola, dayamita 600, kutalika 1220 momwe puleti imabwerera. Madishi akumapeto ndadula pa tanki yakale, ali bwino. Iye amagwiritsa 8 bar. Ndadzadza madzi n'kumapopa ndi pampu yamanja, geji itangofika pa 10 ndangomva the! msoko wautali watseguka ngati 15 cm pakatikati madzi fwaa. Misoko yozungulira ya madishi olo kadontho. Dzanja ndi lomweli, marodi paketi imodzi E6013 a 2.5, mashini omwewo tsiku lomwelo. Ndiye bwanji uwu wokha? Munthu akufuna tanki yake Lachisanu.

Madala Phiri: Marodi amenewo. E6013 ndi ya mageti ndi mabagala baa mwana wanga. Chinthu cha puresha ndi E7018 basi.

Amidu wa kwa M'baluku: Madala nanga madishi ndawotcherera ndi chani? Si omwewo?

Mayi Chisomo, Monkey Bay: Che Amidu misoko iwiriyo sinyamula katundu wofanana ngakhale ili pa tanki imodzi. Wautali umakokedwa kawiri kuposa wozungulira, ndi mmene silinda iliyonse ilili.

```
hupu        = P x D / (2 x t)
lonjitudino = P x D / (4 x t)
```

Hupu ndi lonjitudino ndi sitiresi ziwiri zokoka chitsulo cha tanki, P ndi puresha, D ndi dayamita, t ndi kukhuthala kwa puleti. 10 bar ndi 1 MPa. Ndiye hupu ndi 1 x 600 / 6, yatipatsa 100 MPa. Inayo 1 x 600 / 12, yatipatsa 50. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti hupu imakoka mozungulira mimba ya tanki, choncho msoko umene imaung'amba ndi wautali uja, pomwe lonjitudino imakoka kumapeto ndi kumapeto ndipo imagwera msoko wa madishi. Mukaona paipi ya PVC itaphulika m'munda nthawi zambiri imang'ambika motsata utali, si kuduka pakati.

Che Jafali: Ndiye nkhani yake ndi utali eti. Ifupikitseni Amidu, dulani ikhale 900 msoko upepukidwe.

Mayi Chisomo, Monkey Bay: Ayi Che Jafali, utali mulibemo mu samuyo. Ingoganizani mwaidula tanki motsata utali n'kukhala zibenthu ziwiri. Puresha ikukankha malo okula D kuchulukitsa L, L kukhala utali wa tanki, ndipo chitsulo chogwira zibenthuzo ndi mizere iwiri, uliwonse t kuchulukitsa L. L ali uku ali uku, amafafanizika. Mukaifupikitsa mwachepetsa mphamvu yokankha koma mwachepetsanso msoko woinyamula. Pa 10 bar milimita iliyonse ya msoko wautali ikukokedwa ndi 300 N, tinene makilo 30, kaya tanki ndi ya 900 kaya ya mamita atatu. Wozungulira ndi 150 N. Chimene chingatsitse ndi dayamita yaing'ono, puleti yokhuthala kapena puresha yochepa.

Koma chondidetsa nkhawa ine n'china. Chitsulo wamba chimayamba kugonja cha m'ma 250 MPa. 100 sikanayenera kung'amba kanthu. Che Amidu suzumirani m'kati ndi tochi pa bowo la soketi, kapena pomwe pang'ambikapo, mutiuze wedingi yalowa mpaka pati.

Madala Phiri: Masamu ndi abwino mayi koma rodi ikakhala yolakwika ndi yolakwika. E7018.

Amidu wa kwa M'baluku: Ndayang'ana. M'kati mzere wa pomwe mapuleti akumana ukuonekabe mbee kuyambira uku mpaka uku, ngati sipanadutse moto. Pong'ambikapo chitsulo chowala ndi chakumtunda chokha mwina 1 mm, pansi pake ndi m'mphepete mwa puleti mwakuda momwe ndinadulira. Ndinagundanitsa mapuleti popanda gapu, kuwotcherera kunja kokha ma ampu 70, n'kusalaza ndi galainda chifukwa kasitomala safuna msoko wotukuka.

Mayi Chisomo, Monkey Bay: Ndi zimenezotu. Pa msokopo t wanu si 3, ndi 1. Bwerezani samu ija, 1 x 600 / 2 ndi 300 MPa. Wa madishi ngakhale utalowa pang'ono chimodzimodzi ukuona 150, n'chifukwa chake wakhala chete, osati poti uli bwino. Komanso mzere wosapsa wa m'katiwo uli ngati mng'alu woyamba kale, sitiresi imaunjikana pansonga pake ndiye sidikira kufika nambala ya pa paketi ya marodi. Galainda yachotsanso nyama yomwe inkathandizira.

Yusufu Mafabu: Onjezerani nkhani ya rola. Marola athu a katatuwa amasiya kumapeto kwa puleti kuli fulati, mwina 5 cm mbali iliyonse, ndiye mukakumanitsa pa msoko pamatuluka kamsana. Puresha ikalowa imafuna kuikonza tanki ikhale yozungulira bwinobwino, ndiye imapinda pomwepo pa wedingi. Samu ya mayiyi ndi ya silinda yozungulira ndendende, kupindikako n'koonjezera pamwamba. Ine ndimayamba ndamenya mapeto a puleti pa paipi yaikulu ndisanailowetse mu rola, kenako ndimadula katempuleti ka malata kuyesa pa msoko ngati pakuoneka kuwala pansi.

Che Jafali: Zimenezi zandikumbutsa mnyamata wina ku Namwera chaka china, analibe madishi anangodula mapuleti a fulati a 4 mm n'kutseka kumapeto. Tanki isanafike ndi pa 4 bar pomwe chivindikiro chinali chitatupa kale kunja, wedingi ya m'kona ikulira. Anathawa onse m'shedi mpaka mwini shopu anakazimitsa ku meni swichi.

Mayi Chisomo, Monkey Bay: Fulati ndi nkhani ina, imeneyo simakokedwa, imapindidwa. Pa dayamita 600 ndi 8 bar chivindikiro chikukankhidwa ndi matani pafupifupi 23. Kuti fulati ipirire pamenepo mukukamba puleti ya cha m'ma 25 mm. Dishi imakwanitsa ndi chitsulo chopyapyala chifukwa cha kukhota kwake.

Esnart wa mipope: Pepani kulowerera, ine matanki anga a madzi a 3 mm akhala zaka osang'ambika, ena dayamita mamita awiri. Mwina puleti yanu ndi yachinyengo achimwene?

Yusufu Mafabu: Asisi yanuyo ndi yotsegula pamwamba, madzi akuya mamita awiri ndi 0.2 bar chabe pansi penipeni. Apa tikukamba 8.

Blessings (ndili pa atachimenti): Mabwana funso, kusukulu anatiuza kuti tanki yampira ndiye yolimba, sitiresi ndi theka. Bwanji osangopanga yampira?

Mayi Chisomo, Monkey Bay: Anakuuzani zoona Blessings. Mpira mukaudula paliponse mumapeza bwalo lomwelo, ndiye mbali zonse ndi P x D / (4 x t), palibe mbali yokokedwa kawiri. Koma theka limenelo ndi pamene dayamita ili yofanana. Tanki ya Che Amidu imalowa malita cha m'ma 340 osawerengera madishi. Mpira wolowa malita omwewo dayamita yake ndi pafupifupi 865. Pa 10 bar ndi 3 mm ndi 865 / 12, cha m'ma 72 MPa. Ndi yotsika kuposa 100 inde koma si theka. Ndiye ndani ali ndi puresi youmbira zibenthu za mpira kuno ku Mangochi? Mukati mudule tizidutswa n'kulumikiza, mwachulukitsa misoko, ndipo pa mpira msoko uliwonse ukunyamula sitiresi yonse.

Onaninso masilinda ang'onoang'ono a gasi wophikira, ambiri ndi makapu awiri okumanitsidwa ndi msoko umodzi wozungulira pamimba. Opangawo anauthawa dala msoko wautali. Ndipo musatenge dishi iliyonse ngati theka la mpira, madishi osaya aja sitiresi imakwera pa kakona pomwe akukhotera kukakumana ndi silinda.

Madala Phiri: Ine ndayamba kugwira chitsulo ena muno asanabadwe. Akanaika E7018 sitikanakhala tikukamba zonsezi.

Yusufu Mafabu: Madala ndi ulemu wonse, 60 ndi 70 pa nambalazo ndi mphamvu ya wedingi, kusiyana kwake sikufika ndi pa gawo limodzi mwa magawo asanu. Apa msoko wataya magawo awiri mwa atatu a kukhuthala. Komanso E7018 yosungidwa m'shedi muno ndi chinyezi chakunyanja chino popanda uvuni imatulutsa timabowo, ndipo pa mashini ang'ono a AC imavuta kuyatsa.

Madala Phiri: Ndiye aumitse marodiwo. Koma E7018.

Amidu wa kwa M'baluku: Chabwino ndamva. Ndiye ndigaye pong'ambikapo, ndiwotcherere bwino, ndimate kapuleti pamwamba? Pampu yamanja mwini wake watenga, ndingayese ndi kompuresa yomweyo ndi thovu la sopo.

Mayi Chisomo, Monkey Bay: Chonde Che Amidu musayerekeze. Madzi safinyika, n'chifukwa chake lero mwangomva the n'kunyowa nsapato. Mpweya wa malita 340 pa 10 bar msoko ukatseguka umapitiriza kukankha mpaka tanki yonse itafunyululuka, ndipo inu mudzakhala mutaweramira pomwepo ndi sopo wanu. Chigamba ayinso. 15 cm ndi pomwe payambira chabe, msoko wonse wa 1220 uli chimodzimodzi, ndi ya madishi yomwe. Dulani madishi onse awiri, chotsani msoko wautali wonse, konzani kamsana kaja, siyani gapu ya ngati 2 mm, muwotcherere m'kati muli potsegula, mugaye kunja mpaka chitsulo choyera n'kuwotchereranso kunja. Ngakhale m'buku la ASME msoko wowotcherera mbali zonse koma osajambulidwa amauwerengera 0.70 ya mphamvu ya puleti, wa mbali imodzi wopanda chotchingira kumbuyo 0.60. Kuyesa ndi madzi, mpweya wonse utatuluka pamwamba, ife timafikitsa 1.5 ya puresha yogwirira ntchito, kwa inu 12 bar. Pamenepo hupu ndi 120.

Yusufu Mafabu: Ine 3 mm yomweyo sindikugona nayo tulo. Kompuresa imatula madzi pansi pa tanki tsiku lililonse ndipo anyamata a matayala satsegula dreni. Dzimbiri likadya 1 mm, pa 8 bar mwachoka pa 80 kufika 120. Msoko wautali usakhale pansi pomwe madzi amagona, uikeni cham'mbali kumtunda. Sefite valavu ikhalepo yosatsekeka ndi waya. Kunena zoona ndikanakhala ine ndikanamuuza kasitomala agule tanki ya kufakitale yokhala ndi puleti ya manambala, chinthuchi chikakhala pamsewu pomwe pamaima a kabaza ndi ana asukulu.

Che Jafali: Yakufakitale yakale nayonso samalani, ina ndinaigogoda pansi ndi hamala inangoboola ngati chitini cha mafuta, kunja penti ili bwinobwino.

Amidu wa kwa M'baluku: Lachisanu ndiye sizitheka apa. Alipo ali ndi pampu yoyesera yofika 15 bar pafupi, ngakhale ku Namiyasi kapena kwa Makawa ndibwera ndi njinga.

Esnart wa mipope: Yanga ilipo koma geji inafa, mubwere ndi yanu.

Madala Phiri: Ukamabwera udutse kuno utenge marodi.