Mashini akudumpha pa nsalu ya jezi koma chitenje akusoka bwino

Nachisale: Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ndi oda ya masikipa a sukulu, nsalu yotamuka ija. Juki DDL-8700 yanga ikumasoka pang'ono n'kudumpha, makamaka pa kolala. Singano ndi DBx1 nambala 16, ulusi wa poliyesitala wamba. Tenshoni ndamanga mpaka kumapeto koma sizikusintha.

Mjomba wa ku Limbe: Taimingi imeneyo mayi. Itanani makaniko basi.

Bambo Gondwe: Musathamangire kumasulitsa mashini. Mayi, mukaika chitenje akudumphanso?

Nachisale: Ayi bambo, chitenje akusoka bwinobwino.

Bambo Gondwe: Ndiye yambani ndi singano. Singano ikafika pansi n'kuyamba kukwera, ulusi umapindika kumbali kwake n'kupanga kalupu, ndipo nsonga ya shatulo imakola kalupu kameneko. Kakapanda kutuluka, shatulo imadutsa chabe, ndiye kudumphako. Jezi imakanirira singano n'kukwera nayo limodzi, choncho ulusi supindika. Tsono inu mwaika 16 pa ulusi wowonda, bowo lakula, nsalu siikuugwira ulusi. Gulani ya bolopointi nambala 11, kapena 12. Nsonga yake ndi yobulungira, imapatula ulusi wa nsalu osaubaya.

Za tenshonizo bwezani msanga. Poliyesitala amatamuka. Mukamanga kwambiri, ulusi umatsika utakokeka kale, ndiye singano ikamakwera umangofupika m'malo mopindika. Masulani mpaka ulusi wapamwamba uyambe kuonekera kunsi kwa nsalu, kenako muzimanga pang'onopang'ono mpaka mfundo ibisale pakati. Ngati wa bobini ndi wolimba, yambani mwafewetsa umenewo.

Mjomba wa ku Limbe: Komabe taimingi ikhoza kukhala yatsala pang'ono kuthawa. Chitenje sichivuta, jezi ndiye imaulula.

Bambo Gondwe: Pamenepo mwanena zoona. Koma singano ndi yotchipa kuposa makaniko, ayambe imeneyo.

Esnart: Ine Butterfly yanga yopalasa ikudumpha pa nsalu iliyonse kuchokera dzulo. Ndinapempha singano kwa mnzanga wa Juki. Nanenso ndigule bolopointi?

Bambo Gondwe: Lanu ndi vuto lina achemwali. Butterfly imafuna HAx1, ija yophwatalala mbali imodzi kumutu. Ya Juki ndi yobulungira monse, siikhala bwino mmenemo. Chotsani.

Nachisale: Ndapeza bolopointi 11, tenshoni ndamasula. Pathupi ponse msoko wayera. Patsala podutsa msoko wa paphewa polumikiza kolala, pakumadumphabe kamodzikamodzi.

Bambo Gondwe: Pokhuthala phazi limapendekeka, silipondereza nsalu. Pindani kansanza muike kumbuyo pansi pa phazi kuti likhale lofanana. Onaninso ngati singano yalowa mpaka kumapeto, kangalande kake kakatali kayang'ane kumanzere. Mwina 11 ikupindika pamenepo, yesani bolopointi 14 pa makolala okha.

Mjomba wa ku Limbe: Ikakanabe pa 14 mundiuze, makaniko wanga amabwera Loweruka.