Thandizeni: WACC ya 29.4% ikupha pulojekiti yathu

Nabanda: Akuluakulu, ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina yoyenga mafuta ophikira. Tikufuna kugula makina a K200 miliyoni oti azitibweretsera K60 miliyoni pachaka kwa zaka zisanu, msonkho utachotsedwa. Ndalama zoyendetsera kampani, 40% ndi ngongole ya chiwongoladzanja cha 30%, pomwe 60% ndi za eni masheya, ndipo iwo amayembekezera 35%. Msonkho ndi 30%, ndiye ngongole ija imatsikira pa 21%. Ndaphatikiza ziwirizi kuti ndipeze WACC, reti ya mtengo wa ndalama zonse za kampani, ndipo ndaigwiritsa ntchito powerengera NPV, phindu la makinawo pa mtengo wa ndalama wa lero. Mu B2 mpaka B6 muli ma 60 asanu aja.

```
WACC = 0.4*21 + 0.6*35 = 29.4
=NPV(0.294,B2:B6)-200
```

Ikunditulutsira -52, kutanthauza kuluza K52 miliyoni. Abwana akuti makinawa ndi aphindu, ine ndi amene ndalakwitsa. Lolemba ndikaonekera ku bodi ndipo tulo sindikutiona. Ndigwiritse reti iti?

Che Jali: Achemwali, ngati makinawo mugula ndi ngongole ya kubanki, ikani 21% basi.

Mai a Tadala: Ayi Che Jali. Banki ikukongozani chifukwa ikuona chuma cha eni masheya kumbuyo. Mukadzaza ngongole lero, mawa adzathiramo ndalama ndi eni ake omwewo, ndiye 35% yawo simungaitaye. Koma a Nabanda, K60 miliyoniyo mwailemba chimodzimodzi zaka zonse zisanu. Ndi ya mitengo ya lero?

Nabanda: Eya mayi. Ndatenga mtengo wa lita imodzi mwezi uno.

Mai a Tadala: Vuto lagona pamenepo. Mu 30% ya banki muli kale kukwera mitengo kwa zinthu, pomwe mu K60 miliyoni yanu mulibe. Makinawo mukuwalanga kawiri. Tiyerekeze kuti mitengo izikwera ndi 20% pachaka. Mutha kukweza ndalamazo chaka ndi chaka, 72, kenako 86.4, mpaka chaka chachisanu, n'kusiya 29.4% momwe ilili. Apo ayi, siyani 60 koma reti muitsitse: 1.294 kugawa ndi 1.20 ndi 1.078, kutanthauza 7.8%. Njira zonse ziwiri zikufikitsani pafupifupi pa +41. Chosaloledwa n'kusakaniza.

Gondwe: Ine ndinakongola ndalama ya minibasi pa 30%, ndinabweza bwinobwino. Musaope mlongo.

Che Jali: Ndavomera za 21%. Koma +41 imeneyo ndikuikayikira. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, ife zipangizo zoitanitsa kunja zinakwera tsiku lomwelo, koma makasitomala anakana mtengo watsopano kwa miyezi. Mafuta anu adzakweradi ndi 20% chaka chilichonse?

Mai a Tadala: Funso labwino, koma zimenezo zikonzedwe mu ndalama zolowa ndi zotuluka, osati kungowonjezera mapelesenti pa reti. Soya, magetsi, masipeya, chilichonse chikwere pa mlingo wakewake. Reti ya kampani ikukwana pano chifukwa makinawa ndi a bizinesi yanu yomweyi. Mukanati mukutsegula famu, bwenzi tikukamba reti ina.

Nabanda: Zikomo kwambiri, ndikonza usiku uno. Chanditsalira ndi 35% ija. Anangoitchula ndi wapampando wa bodi, ndipo sitili pa msika wa masheya. Ndingaitsimikize bwanji?