Ŵ wa pa chithunzi cha kalata ya agogo: zatheka

Funso langa lija linali lakuti: "Ndajambula kalata ya agogo yotayipidwa, koma pulogalamu yowerenga zithunzi ikusandutsa ŵ kukhala w. Ndichite bwanji?"

Abale, zatheka dzulo kuno ku Joni. Vuto linali paŵiri. Chithunzi ndinachijambula usiku ku Hillbrow, ndipo kachipewa ka ŵ kamaoneka ngati kadontho ka dothi, choncho pulogalamu imakataya. Ndinajambulanso masana pafupi ndi zenera, pepala litagona bwino pa tebulo.

Chachiŵiri ndi chimene chinandidabwitsa. Tesseract, pulogalamu yowerenga zithunziyo, imangotulutsa zilembo zimene chilankhulo chosankhidwacho chimadziŵa. Ine ndinali nditaisiya pa `eng`, Chingerezi, chimene chimangondipatsa w. Mnzanga wina anandiuza kuti Chiwelshi chili ndi ŵ, ndiye ndinayesa `cym`, chidule cha Chiwelshi:

```
tesseract kalata.png zotsatira -l cym
```

Zipewa zambiri zinabwerera, ngakhale mawu ena anasokonekera. Otsalawo ndinakonza pamanja mu Word: kulemba `U+0175` kenako `Alt+X`, ndipo wamkulu Ŵ ndi `U+0174`.

Ndinasakanso w aliyense ndi `Ctrl+F`, kufananiza ndi chithunzi. Mawu ngati "aŵa" ndi "Malaŵi" ndawasiya monga agogo analembera, ngakhale ambiri lero sayika chipewacho.