Kodi kontrakiti yanga ya opishoni yasanduka chiyani masheya atagawidwa?

Abale ndi alongo, ndithandizeni. Ndili kuno ku Salima, ndipo ndimagula maopishoni pa msika wa masheya wa ku America kudzera kwa buloka wakunja, popeza msika wathu wa ku Blantyre ulibe zimenezi.

Ndinali ndi kontrakiti imodzi yondipatsa ufulu wogula masheya 100 a kampani ina pa mtengo wa madola 60 iliyonse. Kampaniyo yagawa masheya ake, awiri alionse asanduka atatu. Tsopano kontrakiti idakali imodzi, koma ikunena masheya 150 pa madola 40, ndipo chizindikiro chake chawonjezeredwa nambala 1 kumapeto.

Masamuwo ndawamva, ndalama zonse zikadali madola 6,000. Chikundisowetsa tulo ndi kugulitsa. Ogula achepa, ndipo mtengo umene akupereka watalikirana kwambiri ndi umene ogulitsa akufuna, chifukwa anthu athamangira makontrakiti atsopano a masheya 100.

Amene munakumanapo nazo, munagulitsa msanga kapena munadikira tsiku lotha kontrakiti? Nanga mtengo wooneka pa sikirini ndiuchulukitse ndi 100 kapena 150? Chikalata chofotokoza kusinthaku chochokera ku OCC, bungwe la ku America limene limasintha makontrakitiwa, mumachipeza pati?