Banki yatibwezera kalata yosinthitsa nambala ya foni, talakwitsa pati?

Mlembi wa ku Mchinji: Alembi ndi asungichuma anzanga, ndithandizeni nzeru. Loweruka lapitali foni ya kopaletivi yathu inasowa pa msika wa Kamwendo, inali m'thumba la jekete la msungichuma. Kafoni kake n'kamabatani, sitikudandaula nako. Vuto ndi simu, chifukwa ndi imene tinalembetsa kubanki. Wogula soya akaika ndalama mu akaunti meseji imagwera pamenepo, ndipo ife sitilola galimoto kuchoka pa nkhokwe tisanaione mesejiyo. Pano pali matumba 120 oti anyamulidwe Lachisanu. Lolemba ndinapita kubanki ndi kalata yonena kuti: "Tikupempha kuti musinthe nambala ya foni ya gulu lathu poti yakale inatayika. Yatsopano ndi iyi." Ndinasayina ndi kudinda chidindo cha kopaletivi. Mtsikana wa pa desiki anangoiyang'ana n'kunena kuti siyikukwana. Mzere unali wautali, ndinachita manyazi kufunsa zambiri. Chikusowa n'chiyani?

Msungichuma wa ku Ntcheu: Achimwene, mukuvutikiranji ndi makalata? Simu ikatayika nambala siifa. Pitani ku ofesi ya kampani ya foniyo ndi chitupa cha unzika, akupatsani simu ina ya nambala yomweyo, yakale ija imazima yokha. Kubanki simusinthanso kalikonse. Ine ndinachita zimenezi chaka chatha, pofika masana mameseji anali akubwera.

Mlembi wa ku Mchinji: Kumeneko n'kumene tinayambira, mayi. Atatsegula pa kompyuta anapeza kuti layini ili m'dzina la msungichuma wakale. Ndi iwo anailembetsa mu 2018, nthawi imene MACRA inkati aliyense alembetse simu yake ndi chitupa, kupanda kutero aitseka. Anati abwere eni ake. Eni akewo ali ku Joni, chaka chachitatu tsopano.

Msungichuma wa ku Ntcheu: Aaa, pamenepo ndiye zina. Pepani.

Wapampando wa ku Thyolo: Ife zoterezi zinationekera. Kaimitseni khadi msanga, akubawo atha kukatapa pa makina. Yathu inatenga masabata awiri kuti ina ituluke, ndipo anatidula ndalama.

Mlembi wa ku Kasungu: Madala, yatayika ndi simu ya m'foni, osati khadi ya kubanki.

Wapampando wa ku Thyolo: Oho. Maso awa. Koma kuimitsako ndanena zoona.

Mayi a ku Zomba: Kuimitsako bambo anena zoona ndithu, ndipo ndiyambira pomwepo. Ndisanabwere ku kopaletivi ndinakhala zaka zingapo pa desiki yolandira makalata ngati amenewa kubanki, ndiye kalata yanuyi ndikanaibweza nanenso, achimwene, musakwiye.

Muganize mmene wa pa desikiyo akuionera. Munthu wofuna kuba mu akaunti ya eni ake, chinthu choyamba chimene amafuna n'chakuti mameseji asiye kupita kwa mwini wake, azibwera kwa iye. Kalata imene wakubayo angalembe ndi yofanana ndendende ndi yanuyi: nambala yakale inatayika, yatsopano nayi. Chidindo sichimuthandiza wa pa desiki, chifukwa zidindo amasema pa msika. Chimene ali nacho m'manja ndi fomu imene munasayina potsegula akaunti, yosonyeza amene ali ndi mphamvu pa akauntiyo ndi masiginecha awo. Ndikufunseni: inu muli m'gulu la osayinira akaunti?

Mlembi wa ku Mchinji: Ayi. Osayinira ndi atatu, wapampando, msungichuma watsopano ndi mayi mmodzi wa mukomiti. Potapa ndalama amasayina awiri mwa atatuwo. Ine ndimangolemba makalata onse a gulu.

Mayi a ku Zomba: Ndiye cholakwika chachikulu n'chimenecho. Kubanki inu sakukudziwani. Kalata mulembe ndinu, koma asayine awiri mwa atatu aja, monga amachitira potapa ndalama, ndipo asayine mofanana ndi mmene anasayinira pa fomu ija.

Chachiwiri, simunatchule nambala ya akaunti kapena nambala yakale ya foni. Mukati "yakale" iwo atha kukhala ndi ziwiri kapena zitatu m'kompyuta, ya gulu, ya wapampando, ya msungichuma, ndiye achotse iti? Dzina la akaunti nalonso mulikopere pa sitetimenti, chilembo ndi chilembo, osati mmene mumadzitchulira kumudzi.

Chachitatu ndi chimene anthu ambiri sachidziwa. Nambala ya foni kubanki siikhala malo amodzi. Ili pa mbiri ya kasitomala, ili pa mameseji a ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo ngati munalembetsa zoona akaunti pa foni kapena pa intaneti ili kumenekonso, kumene amatumizako manambala achinsinsi ogwira kamodzi aja. Ndinaonapo kangapo wa pa desiki atasintha pa mbiri pokha, kasitomala n'kupita kwawo akusangalala, mameseji akupitabe ku simu yotayika. Choncho kalata itchule malo onsewo. Ine ndikanalemba chonchi:

> Kwa Manijala, nthambi ya (dzina la nthambi imene munatsegulira akaunti)
>
> PEMPHO LOCHOTSA NAMBALA YA FONI YAKALE NDI KULEMBETSA YATSOPANO: AKAUNTI (dzina ndi nambala ya akaunti)
>
> Ife osayinira akaunti yatchulidwa pamwambayi tikukudziwitsani kuti simu ya nambala (yakale) inatayika pa (tsiku) ku Kamwendo, ndipo sitingathe kuibwezeretsa chifukwa inalembetsedwa m'dzina la msungichuma wakale amene ali kunja kwa dziko.
>
> Tikupempha kuti muchotse nambala imeneyi paliponse pamene ikupezeka pa akaunti yathu kuyambira lero, ndi kuimitsa ntchito iliyonse ya banki imene imachitika kudzera pa nambalayi. M'malo mwake mulembetse nambala (yatsopano), yomwe ili m'dzina la (dzina ndi udindo), pa mbiri ya akaunti, pa mameseji a ndalama zolowa ndi zotuluka, komanso pa ntchito za banki za pa foni.
>
> Tikupemphanso sitetimenti kuyambira tsiku limene simu inatayika kufika lero.
>
> Taphatikiza mafotokope a zitupa zathu za unzika ndi maminitsi a komiti ovomereza kusinthaku.

M'munsi maina awiri, maudindo, manambala a zitupa, masiginecha, kenako chidindo. Mupite ndi makope awiri, imodzi akudindireni kuti alandira, yokhala ndi tsiku, mubwerere nayo. Mawa chinachake chikachitika pa nambala yakale, pepala limenelo ndilo lidzakuyankhulireni. Osayinirawo atenge zitupa zenizeni, fotokope yokha salandira, ndipo muone ngati sizinathe ntchito. N'kutheka adzakupatsaninso fomu yawo yosinthira mbiri ya kasitomala kuti mudzaze pompo, musadabwe, kalata ndi fomu zimayendera limodzi.

Mlembi wa ku Kasungu: Mayi, zonsezo ndagwirizana nazo kupatula ziwiri. Kalata ya kubanki timalemba m'Chingerezi, ya Chichewa amaiponya pansi pa mulu. Komanso popanda kalata ya kupolisi sasintha. Ife anatifunsa.

Mayi a ku Zomba: Kumene ndinkagwira ine, ya Chichewa tinkalandira bola zofunika zilipo. Koma zoona, ambiri amazolowera ya Chingerezi, ndipo ikapita kulikulu imayenda msanga. Chimene sindifuna ine n'chakuti wapampando asayine chinthu chimene sanachimve. Ngati mulemba m'Chingerezi, muwawerengere m'Chichewa kaye. Za kupolisi, ife tinkafunsa munthu akataya chitupa kapena ngati ndalama zabedwa kale, osati simu yokha.

Mlembi wa ku Kasungu: Kwathu anafunsa, mayi, simu yokha yomweyo. Tinabwerera ulendo wa makilomita 40 chifukwa cha kapepala kameneko.

Mayi a ku Zomba: Sindikutsutsani, mabanki sachita zofanana, ngakhale nthambi za banki imodzi. Achimwene a ku Mchinji, poti foni inachita kubedwa, katengeni ndithu, muiwonjezere pa mzere wa zophatikiza uja.

Msungichuma wa ku Ntcheu: Ine funso langa ndi lina. Simu yatsopanoyo mwalembetsa m'dzina la ndani? Chifukwa ngati ndi la msungichuma watsopano, naye akadzanyamuka mudzabweranso pano ndi nkhani yomweyi.

Mlembi wa ku Mchinji: Mwandigwira pamenepo. Ndinagula ndine pothamanga, ili m'dzina langa.

Mayi a ku Zomba: Ayi, imeneyo musaipereke. Mlembi amene sali wosayinira, kalata walemba yekha, nambala yatsopano ndi yakenso? Ngakhale mamembala anu adzakukayikirani, si banki yokha. Komanso wa pa desiki atha kuiona nambalayo kuti ndi ya ndani. Ikhale m'dzina la mmodzi wa osayinira, ndipo maminitsi anene kuti layiniyo ndi ya gulu, munthuyo akamachoka pa udindo adzapite ndi womulowa m'malo kukasinthitsa umwini. Ngati kopaletivi ili ndi satifiketi yolembetsera, funsani kukampani ya foni ngati angailembe m'dzina la gulu lenileni.

Polemba nambala muwerenge manambala ake, akwane 10 kuyambira pa 0. Fomu ikakhala kuti yayamba kale ndi +265, 0 woyambayo mumusiye. Anthu amalakwitsa pamenepa kwambiri, kenako amati banki siyikutumiza mameseji.

Wapampando wa ku Thyolo: Nanga za Lachisanuzo? Wogula sadikira makalata anuwo.

Mlembi wa ku Mchinji: Akuti adzatitumizira chithunzi cha risiti ya kubanki pa foni yanga.

Mlembi wa ku Kasungu: Chithunzi ayi! Anyamata amakonza zimenezo pa foni mphindi zochepa. Msungichuma akhale kubanki m'mawa wa Lachisanu, aone yekha kuti ndalama zalowa, akuimbireni, ndiye mutsegule nkhokwe.

Mayi a ku Zomba: Ndipo afunse ndalama zimene angathe kutapa, osati zongooneka pa balansi. Ngati wogula waika cheke cha banki ina, chimaoneka mu akaunti chisanapse, ndipo chitha kubwerera soya atapita kale. Kubanki muimbireko foni lero lomwe kuti aimitse za pa nambala yakale, musadikire kalata. Nambala yoimbira mutenge pa sitetimenti kapena kuseri kwa khadi, ndipo woimbayo akhale wosayinira. Wina akakuimbirani kuti ndi wa kubanki akufuna pini kuti amalize kusintha, mudule.

Mlembi wa ku Mchinji: Ndabwerako, akuluakulu, lero Lachinayi. Simu tinagula ina m'dzina la msungichuma, komiti inakumana dzulo pansi pa mtengo wa mango, maminitsi ndinalemba. Kalata ndinalemba m'Chingerezi potsata ya mayi a ku Zomba. Ya kupolisi tinali nayo koma sanaifunse n'komwe. Alandira, kope yathu adinda. Nambala yakale aichotsa ife tikuona, ndipo sitetimenti ikusonyeza kuti palibe chatuluka. Koma yatsopano sanailowetse, akuti siginecha ya wapampando yasiyana ndi ya pa fomu. Mkuluyo dzanja limanjenjemera masiku ano, ndipo sanabwere nafe, tinangotenga chitupa chawo.

Mayi a ku Zomba: Njira zilipo ziwiri. Mayi wa mukomiti uja asayine m'malo mwawo pa kalata ina, apite yekha ndi msungichuma. Kapena mupite nawo wapampando akasayine pamaso pa a kubanki, akasinthiretu siginecha ya pa fomu, poti vuto limeneli lidzakupezaninso potapa ndalama za soyayu. Akakuuzani kuti zatheka, musachoke musanayese: ikani K1,000 mu akaunti pompo, mudikire meseji pa foni yatsopano muli m'bankimo.

Mlembi wa ku Mchinji: Mayi wa mukomiti ali kumaliro ku Mkanda mpaka Lamlungu. Ndiye mawa m'mamawa ndikawatenga wapampando pa njinga yamoto, msungichuma akakhala kale pa mzere. Galimoto ya wogula ndaiuza ifike 11 koloko.