Makina osokera, nkhuku ndi mlamu wa chilimira: nditulutsemo ntchito yanji?

Telala wa pa Boma: Akuluakulu anzanga, ntchito ya mayunifolomu ikatha ndipo zovala za Idi zikaperekedwa, makina anga amakhala milungu ingapo osagwira ntchito. Ndalemba zimene ndili nazo: ndimatha kusoka, ndimaweta nkhuku zachikuda pongozikonda, ndipo mlamu wanga ali ndi chilimira, khoka lophera usipa, padoko la ku Makawa. Ndikaziyang'ana zitatuzi sindikuona pamene zikukumana. Kodi inu mukanayambira pati?

Mayi wa ku Namwera: Achimwene, lowani banki mkhonde. Ine ndinagula makina achiwiri ndi ndalama za kumeneko.

Telala wa pa Boma: Zikomo mayi, koma sindinafike pa ndalama. Makina amodzi omwewa akusowa chosoka.

Mkulu wa ku Monkey Bay: Mwalemba bwino, koma mwalemba mayina a zinthu m'malo molemba mavuto ake. Ine ndikafuna ntchito yatsopano ndimapita kumene m'bale wanga amagwira ntchito, n'kukhala tsiku lathunthu ndikuyang'ana chimene chimang'ambika, chimene chimawola ndi chimene chimatayidwa, kenako ndimafunsa ngati singano yanga ingachitepo kanthu. Mukakhala padoko nthawi ya dzinja mudzaona kuti usipa woyanikidwa pathandala ukanyowa ndi mvula umada, umanunkha, ndipo mtengo wake umagwa. Pamenepo pali chosoka, ndicho chofundira thandala. Koma zindikirani kuti mlamu wanu si amene adzagule, chifukwa mwini chilimira amagulitsa usipa uli wauwisi ndipo mvula ikagwa ndalama zake zili kale m'thumba. Amene amaluza ndi amayi ogula ndi kuyanika. Mlamuyo ntchito yake ndi kukufikitsani kwa amayiwo kuti asakuoneni ngati mlendo.

Mnyamata wa ku Malindi: Ngati ndi zosokera asodzi, bwanji osasoka majekete oyandamitsa munthu? Mwera ukawomba anthu amamira, ndiye msika ulipo.

Mkulu wa ku Monkey Bay: Vutolo ndi lenileni, mphwanga, koma jekete loterolo limadalira chimene chili m'kati mwake, ndipo telala alibe njira yoyezera ngati lingasenze munthu wamkulu pamafunde. Msoko wa buluku ukamasuka mumabweza ndalama, koma apa pangafe munthu. Tibwerere ku chofundira. Ndinasokapo chimodzi cha lona chofundira thandala la mamita 10 m'litali ndi 2 m'lifupi, ndipo choyambacho ndinachilakwitsa kawiri. Ndinagwiritsa singano ya nambala 14 ndi ulusi wa malaya, singano zinathyoka ndipo ulusi unadukaduka. Lona amafuna singano ya nambala 18, ulusi wa nayiloni ndi msoko wotalikirana, popeza mabowo oyandikana kwambiri amachititsa lona kung'ambika motsatira msokowo. Kulakwa kwachiwiri kunali kwakukulu: ndinachisoka chothina bwino ngati chofundira matiresi, mayi amene ndinamusokerayo n'kufundira usipa wosauma usiku wonse, ndipo m'mawa pochotsa lona anapeza m'kati muli thukuta lokhalokha, nsomba zitafewa. Chofundira chiyenera kukwera pamtanda ngati denga, osakhudza nsomba, mbali ziwiri zazifupi zikhale zotsegula kuti mphepo idutse, ndipo msoko usakhale pamsonga chifukwa madzi amalowera m'mabowo a singano.

Telala wa pa Boma: Zamveka, bambo. Nanga nkhuku zikulowa pati, kapena ndizichotse pamndandanda?

Mkulu wa ku Monkey Bay: Musazichotse. Pansi pa thandala ndi m'matumba mumatsala zinyenyeswa za usipa zimene amayiwo amagulitsa motchipa, ndipo zimenezo mukazisakaniza ndi madeya ndi chakudya chabwino cha nkhuku. Mayi amene alibe ndalama yonse angathe kulipira gawo lina ndi zinyenyeswazo. Muzizisefa kuti mchenga uchoke, ndipo zonyowa kapena zochita nkhungu muzizikana.

Mayi wa ku Namwera: Tsopano ndamva funsolo, koma ndili ndi chikayiko. Amayiwo amafundira kale ndi pepala lakuda la pulasitiki, lotchipa kwambiri, ndipo likang'ambika amagula lina. Adzalipiriranji lona wosokedwa?

Mkulu wa ku Monkey Bay: Chikayiko chanucho ndi choona, mayi, ndipo ine ndinagulitsa zitatu zokha, zonse kwa amayi a mathandala ambiri. Achimwenewa asagule mpukutu wa lona. Asoke chimodzi mvula isanayambe, achibwereketse kwa mayi mmodzi milungu iwiri, kenako amufunse kuti angapereke mtengo wa ndowa zingati za usipa. Akatchula mtengo wosafika pa ndalama ya lona, ulusi ndi ulendo wa ku Makawa, chofundiracho achisiye.

Telala wa pa Boma: Loweruka ndipita kukayeza mathandala. Kodi zingwe zomangira ndizisokerere pa lona, kapena ndiboole mabowo?

Mnyamata wa ku Malindi: Musaboole, achimwene, mphepo idzang'ambira pomwepo. Sokererani timalamba topinda pawiri.