xG yapamwamba koma timu ikungoluza: ndi tsoka kapena timu ndi yofoira?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu ndithandizeni. Ndili pa Lizulu, mpira ndimaonera ku vidiyo sho komwe mwini wake wakwezanso mtengo, chonsecho jenereta imazima pakati pa gemu. Alamu anga, omwe sanandibwezerebe ndalama ya mbatatesi, akundiseka kuti timu yanga yatha. Koma pafoni ndaona kuti xG yathu, zigoli zomwe timayembekezeka kugoletsa, inali 2.3, anzathuwo 0.6, ife n'kuluza 1-0. Ndiye tili bwino, eti? Ndabetcherana nawo nkhuku.

Ngozo wa ku Bembeke: MPIRA NDI ZIGOLI BASI! Pa Dedza Stadium munaonapo munthu akuvinira 2.3?

Mayi a Tadala: Yambani mwatenga ya mbatatesiyo achimwene. Anga alamu anandidyera ya feteleza.

Aphunzitsi a Masamu: Simunanene timu, komanso magemu angati. Gemu imodzi sinena kanthu. xG imatenga shoti iliyonse n'kufunsa kuti mashoti ngati amenewo, omenyera pamalo omwewo, amalowa kangati. Penate ndi pafupifupi 0.76, shoti yakunja kwa bokosi nthawi zambiri siifika ndi 0.05 pomwe. Ndiye 2.3 yanuyo iphwanyeni. Ngati muli penate, yatsala 1.5. Ngati yotsalayo ndi mashoti ambirimbiri akutali, omenya anzanuwo atagoletsa msanga n'kubwerera onse kumbuyo, simunawapanikize, anakulolani dala.

Jemusi Kabaza: 2.3 ndi odi yabwino, ikanipo.

Ngozo wa ku Bembeke: Aphunzitsi, masamu mukasiye ku kalasi. Golo kipa akadzuka bwino kompyuta yanuyo imadziwa?

Aphunzitsi a Masamu: Siidziwa, apo mwalasa a Ngozo. N'chifukwa chake timaona magemu khumi kapena kuposa. Taonani Brighton ya Graham Potter mu 2020/21. Palace inawachinya 2-1 itangomenya mashoti atatu, iwo 25. Gemu yotsatira anaphonya mapenate awiri n'kuluza 1-0 kwa West Brom. Sizoni yonse anagoletsa 40 pomwe xG inaposa 50, anathera pa nambala 16. Chaka chotsatira anathera pa 9.

Chifundo wa ku Tsangano: Ndiye nkhuku ndi yanu bwana. Timu ikaphonya chonchi, gemu yotsatira zigoli zimabwera zonse.

Aphunzitsi a Masamu: Ayi, mpira sumabweza ngongole. Brighton yomweyo inavutika sizoni yathunthu. Ngati sitiraika ndi wophonya chaka ndi chaka, kusiyanako si tsoka. Muonenso xG imene timu yanu ikupatsa adani, osati yakutsogolo yokha.

Ngozo wa ku Bembeke: Mwamva? Sitiraika! Zomwe ndimanena ine. Gulani womwetsa zigoli, osati kakyuleta.

Membala wobisa dzina: Ndangoona gemu yadzuloyi. Penate inalipo, tinaphonya. Zamagemu khumizo ndizipeza pati? Bandulo yatsala pang'ono.

Mayi a Tadala: Nkhukuyo ndi yachikuda kapena yachizungu?